Cholowa chotsata bele: mbiri ya DNA ya m'maitokondiriya ndi misampha yake pamayeso

Achewa akamawerenga mbumba amatsata bele. Ana ndi a kwa mayi wawo, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi mlongo wa mayiyo, atsibweni. Mwamuna amabadwira m'mbumba ya mayi ake n'kukhala wa momwemo moyo wake wonse, koma ana ake salowamo chifukwa iwo ndi a kwa mkazi wake. Ku Mtsiliza, monganso ku Chinsapo, Mgona ndi Kawale mumzinda wa Lilongwe, mwambo umenewu umakhala khomo ndi khomo ndi wa anthu ochokera ku Mzimba, Karonga ndi Nsanje, kumene ana amakhala a kwa bambo. Komabe m'thupi mwa aliyense wa anthuwa muli cholowa chimodzi chomwe chimatsata bele, kaya panaperekedwa malowolo kaya mwamuna anapita kuchikamwini. Cholowacho ndi DNA ya m'maitokondiriya.

Maitokondiriya ndi tizigawo ting'onoting'ono ta m'kati mwa selo, tomwe timasandutsa chakudya ndi mpweya wa okosijeni kukhala mphamvu. Ziwalo zofuna mphamvu zambiri, monga ubongo, mtsempha wa diso, m'kati mwa khutu, mtima ndi minofu, ndi zomwe zimayamba kuvutika tizigawoti tikalephera. Madokotala anayamba kuona matenda oyenda m'njira imeneyi zaka zoposa 100 asanadziwe chowayendetsa, ndipo zimene anasokoneza kalelo ndi zomwezo zimene ophunzira amasokoneza pamayeso lero.

Khungu lomwe linasokoneza madokotala

Mu 1871, dokotala wa maso wa ku Germany, Theodor Leber, anafotokoza za mabanja anayi omwe achinyamata ake ankachita khungu mwadzidzidzi. Diso limodzi linkayamba kuona chifunga pakati, ndipo patapita milungu kapena miyezi linalo linkatsatira. Ambiri mwa odwala anali amuna, ndipo matendawa ankadzera mwa amayi omwe iwo eni ankaona bwinobwino. Akatswiri atayamba kumvetsa za makolomozomu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anaika matendawa m'gulu limodzi ndi himofiliya, matenda olepheretsa magazi kuundana, omwe amayenda pa kolomozomu X. Kungoona mwachidule, zinali zofanana: amuna odwala, amayi opatsira.

Panali chinthu chimodzi chomwe sichinkagwirizana. Mwamuna wa himofiliya amapereka X wake kwa ana ake onse aakazi, ndipo matendawo amatulukiranso mwa ena a zidzukulu zake zazimuna. Mwamuna wa matenda a Leber sankapereka kanthu kwa ana ake kapena kwa zidzukulu zake. Mzere unkathera pa iye. Mu 1936, akatswiri awiri a ku Japan, Imai ndi Moriwaki, ananena kuti mwina choyambitsa matendawa sichili pa makolomozomu ayi, koma m'mbali ina ya selo yomwe mwana amalandira kuchokera m'dzira la mayi. Panthawiyo panalibe njira yotsimikizira maganizo amenewa.

Umboni unabwera pang'onopang'ono. Mu 1963, Margit Nass ndi Sylvan Nass, omwe ankagwira ntchito ku Stockholm, anaona ulusi wa DNA m'kati mwa maitokondiriya. Mu 1980, gulu la Douglas Wallace ku Stanford linayeza magazi a mabanja n'kusonyeza kuti ana amatenga DNA imeneyi kwa mayi basi. Chaka chotsatira, gulu la Frederick Sanger ku Cambridge linaiwerenga yonse. Inapezeka kuti ndi kamkombero ka zilembo 16,569 zokha, kokhala ndi majini 37, ndipo 13 okha mwa majiniwo ndi amene amapanga mapuloteni. Kenako mu 1988 Wallace, ali ku Atlanta, anapeza kuti m'mabanja ambiri a matenda a Leber chilembo chimodzi chinasintha pa malo a nambala 11778. Funso la Leber linayankhidwa patapita zaka 117.

Chifukwa chake bambo sapereka

Yankho lomwe limamveka kawirikawiri n'lakuti mbewu ya umuna ikafika pa dzira, mutu wokha ndi umene umalowa ndipo mchira umatsala kunja. Yankho limeneli n'lolakwika. Mbewuyo imalowa yonse, pamodzi ndi chigawo chake chapakati chomwe chili ndi maitokondiriya osakwana 100. Choncho maitokondiriya a bambo amafika m'dzira, kungoti sapulumuka.

Chifukwa choyamba ndi kuchuluka. Dzira lokhwima la mayi limakhala ndi timikombero ta DNA imeneyi toposa 100,000, kotero kuti chilichonse chochokera kwa bambo chimamira. Chifukwa chachiwiri chinasonyezedwa mu 1999 ndi Peter Sutovsky ndi anzake, omwe anafufuza ng'ombe ndi anyani. Anapeza kuti maitokondiriya a umuna amakhala ataikidwa chizindikiro ndi kapuloteni kotchedwa yubikwitini, komwe selo limamata pa zinthu zoyenera kutayidwa. Dziralo likayamba kugawikana, limawaphwanya m'masiku oyambirira omwewo. Chifukwa chachitatu chinaonekera bwino mu 2023, pamene ofufuza a ku America ndi ku Spain anasonyeza kuti mbewu ya umuna wa munthu ikamakhwima imataya DNA ya m'maitokondiriya ake, moti imafika pa dzira ilibe yathunthu yoti n'kupereka.

Lamulo lake ndi lofanana ndi la mbumba. Mayi amapereka kwa ana ake onse, aamuna ndi aakazi. Ana aakazi amapitiriza, ana aamuna amangosunga. Atsibweni ali ndi DNA ya m'maitokondiriya yofanana ndi ya ana a mlongo wawo, koma osati ndi ya ana awo owabereka.

Jakisoni ndi kugontha

Matenda a Leber sapezekapezeka. Nkhani yomwe imafika pafupi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya azaumoyo m'Malawi ndi ya kugontha kobwera pambuyo pa majakisoni a sitireputomaisini, jentamaisini, kanamaisini ndi amikasini, omwe onse ndi a banja limodzi. Sitireputomaisini anapezeka mu 1943 ndipo anali mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu. Posakhalitsa madokotala anaona kuti amatha kuwononga makutu, makamaka akaperekedwa ochuluka, kwa nthawi yaitali, kapena kwa munthu wa vuto la impso. Koma panali anthu ena omwe ankagontha atalandira mlingo woyenera, ena atangobayidwa kangapo, ndipo anthuwo ankakhala apachibale.

Mu 1991, ofufuza a ku Shanghai anasanthula mabanja 36 oterewa n'kupeza kuti vutoli linkadzera mwa akazi okha. Mu 1993, gulu la Nathan Fischel-Ghodsian ku Los Angeles linapeza chilembo chosinthacho, chomwe chimalembedwa m.1555A>G. Kachilembo ka m kakutanthauza DNA ya m'maitokondiriya, 1555 ndi malo ake, ndipo A wasanduka G. Sizinatenge nthawi kuti kusinthaku kupezekenso mu Africa. Mu 1996 kunapezeka mwa anthu a fuko limodzi lalikulu la ogontha ku Zaire, dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo. Mu 1997 madokotala a ku yunivesite ya Cape Town anafotokoza za banja la ku South Africa lomwe abale ake angapo a mzere wa kuchikazi anagontha atalandira sitireputomaisini.

Mmene zimachitikira zikugwirizana ndi chiyambi cha maitokondiriya. Monga anafotokozera Lynn Margulis mu 1967, tizigawoti tinachokera ku mabakiteriya omwe kalekale anakhazikika m'kati mwa maselo ena. Majakisoni aja amapha bakiteriya pomamatira pa raibozomu yake, malo opangira mapuloteni. Raibozomu ya m'maitokondiriya a munthu ndi yosiyanako pang'ono, ndipo kusiyanako n'kumene kumaiteteza. Kusintha kwa pa 1555 kumaibwezera pafupi ndi maonekedwe a raibozomu ya bakiteriya, choncho mankhwala amaigwira ngati mdani. Maselo omvera a m'kati mwa khutu amafa, ndipo sameranso.

M'Malawi, anthu odwalanso chifuwa chachikulu kachiwiri anakhala akulandira jakisoni wa sitireputomaisini tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, mpaka njira imeneyi itasiyidwa potsatira malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse a mu 2017. Anthu omwe analandira majakisoniwo alipo m'makomo ambiri. Jentamaisini akadali msanamira ya chithandizo cha makanda omwe ali ndi matenda oopsa a m'magazi. Ku Britain, kafukufuku wa mu 2009 anapeza kusinthaku mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 500 alionse, ndipo madokotala a ku Manchester anayesa kachipangizo kopereka yankho m'mphindi 26 khanda lisanabayidwe. Kumene kulibe chipangizo chotere, chida chomwe chilipo ndi kufunsa mbiri ya banja.

Kuwerenga banja limodzi

Pofuna kuona mmene lamuloli limagwirira ntchito, nali banja longoyerekezera la ku Mtsiliza. Agogo aakazi ali ndi kusintha kwa pa 1555 koma amamva bwino, chifukwa sanabayidwepo majakisoni amenewa. Ali ndi ana anayi. Woyamba ndi mwamuna yemwe anagontha atalandira sitireputomaisini, ndipo ali ndi ana atatu. Wachiwiri ndi mkazi yemwe nayenso anagontha pambuyo pa majakisoni, ndipo ali ndi ana awiri. Wachitatu ndi mkazi womva bwino wa ana anayi. Wachinayi ndi mwamuna womva bwino wa ana awiri. Zidzukulu zonse zilipo 11.

Funso ndi lakuti, ndani mwa zidzukuluzi ali pachiopsezo akabayidwa jentamaisini? Poyamba, ana onse anayi a agogo ali nako kusinthaku, ogontha ndi omva omwe. Kenako mzere uliwonse wodzera mwa mwamuna umadulidwa. Ana atatu a woyamba alibe, ngakhale bambo awo ndi ogontha, ndipo ana awiri a wachinayi alibenso. Otsala ndi ana awiri a mkazi wogontha uja ndi ana anayi a mng'ono wake womva. Choncho zidzukulu 6 zili pachiopsezo ndipo 5 zilibe. Khanda lomwe anthu angalinyalanyaze ndi la mayi womva bwino uja, pamene lomwe angalidere nkhawa pachabe ndi la bambo wogontha.

Chithunzi cha banja chili ndi malire ake. Ngati kugonthaku kukanachokera ku jini yamphamvu ya pa makolomozomu wamba, imene mabuku amati dominanti, mwana aliyense wa bambo uja akanakhala ndi mwayi umodzi pa iwiri woitenga. Mwayi woti ana onse atatu aiphonye ndi 1/2 × 1/2 × 1/2, kutanthauza umodzi pa 8. Zoterezi zimachitika. N'chifukwa chake bambo mmodzi wa ana atatu omva si umboni wokwanira. Umboni umalimba pakakhala amuna odwala angapo, a ana ambiri, popanda ngakhale mmodzi wopatsira, pamene alongo awo akupatsira.

Misampha ya pamayeso

Msampha woyamba ndi uja unakola madokotala a m'nthawi ya Leber, wosokoneza njirayi ndi ya kolomozomu X. Njira zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti bambo sapatsira mwana wake wamwamuna. Zimasiyana pa ana aakazi. Ngati jini ya pa X ili yamphamvu, ana onse aakazi a bambo wodwala amadwala. Ngati ili yobisala, monga pa himofiliya kapena kuperewera kwa G6PD, ana aakaziwo amaisunga ndipo mwana wawo wamwamuna aliyense amakhala ndi mwayi umodzi pa iwiri wodwala. Pa maitokondiriya, ana ndi zidzukulu zonse za bambo wodwala zimakhala zomasuka. Wophunzira akapatsidwa chithunzi cha banja, ayambe wapeza mwamuna wodwala yemwe ali ndi ana, atsike kwa ana ake aakazi, kenako kwa zidzukulu. Mwana mmodzi yekha wodwala yemwe watengera kwa bambo ndi wokwanira kuchotsa yankho la maitokondiriya.

Msampha wachiwiri ndi kusokoneza kulandira ndi kudwala. Mawu akuti ana onse a mayi amalandira ndi oona, koma akuti ana onse amadwala si oona. Pa matenda a Leber, mabuku ambiri amati pafupifupi theka la amuna omwe ali ndi kusinthaku ndi amene amachita khungu, pamene mwa akazi ndi mmodzi pa 10. Kuchuluka kwa amuna odwala si umboni wa kolomozomu X. Pa kusintha kwa pa 1555, ambiri amamva bwino mpaka tsiku lokumana ndi jakisoni. Choncho chithunzi chokhala ndi mayi wathanzi pakati pa agogo odwala ndi mdzukulu wodwala chikhoza kukhalabe cha maitokondiriya.

Msampha wachitatu umafotokoza chifukwa chake ana a mayi mmodzi amadwala mosiyana. Selo limodzi limakhala ndi timikombero ta DNA imeneyi mazanamazana kapena masauzande, ndipo n'zotheka kuti tina tikhale tabwino, tina tosintha. Kusakanikirana kumeneku kumatchedwa heteropulazimi. Mazira akamapangidwa m'thupi mwa mwana wamkazi, lililonse limatapa timikombero tochepa n'kutichulukitsa, ngati munthu wotapa dzanja limodzi m'thumba la nyemba zofiira ndi zoyera. Dzanja lina limatuluka ndi zofiira zambiri, lina ndi zochepa. Chiwalo chimayamba kulephera pokhapokha gawo losintha litadutsa malire, omwe nthawi zambiri amakhala pakati pa 60 ndi 90 pa 100 alionse. Kusintha kwa m.3243A>G, komwe kunapezeka ku Japan mu 1990, kungapatse mayi matenda a shuga ndi kugontha, mwana wake mmodzi n'kumakomoka ndi kufa ziwalo ali wamng'ono, wina n'kukhala wopanda chizindikiro. Pa funso lotere palibe yankho la 25 kapena 50 pa 100. Ziwerengero zimenezo ndi za matenda monga siko selo ndi ualubino, omwe amayenda pa makolomozomu.

Msampha wachinayi ndi kuganiza kuti vuto lililonse la maitokondiriya limachokera kwa mayi. Maitokondiriya amagwiritsa ntchito mapuloteni oposa 1,000, ndipo 13 okha ndi amene amapangidwa kuchokera ku DNA yawo. Ena onse malangizo ake ali pa makolomozomu. Ndiye chifukwa chake matenda ambiri a maitokondiriya oyamba paubwana amatengedwa kwa makolo onse awiri, ndipo mwayi wake pa mimba iliyonse ndi umodzi pa inayi.

Palinso kuwonongeka kwa maitokondiriya komwe si kotengera n'komwe, ndipo Malawi anakuona ndi maso. Ndondomeko yogawa ma ARV aulere m'dziko lonse itayamba mu 2004, mankhwala oyambira anali ndi sitavudini. Mankhwalawa amatchinga polimerezi gama, puloteni yomwe imakopera DNA ya m'maitokondiriya. Odwala ambiri anayamba kumva dzanzi ndi kutentha kumapazi, ena anaphwa masaya ndi miyendo, ndipo ochepa anadwala mwakayakaya chifukwa cha kuchuluka kwa asidi m'magazi. Kuyambira mu 2011 amayi oyembekezera anayamba kupatsidwa mankhwala okhala ndi tenofoviya, ndipo m'zaka zotsatira odwala ena onse anasinthidwa. Mayi ndi mwana wake wamkulu onse akamadandaula mapazi, funso loyamba likhale la mankhwala amene anamwa, osati la bele.

Wophunzira wowerenga kwambiri angakumbukire kuti mu 2002 madokotala a ku Copenhagen anafotokoza za mwamuna wa zaka 28 yemwe DNA yambiri ya m'maitokondiriya a m'minofu yake inali ya bambo ake. Mu 2018 kunatulukanso lipoti la mabanja atatu ooneka ngati otengera mbali zonse ziwiri, koma kafukufuku wamkulu wa mu 2020 anasonyeza kuti maonekedwe otere angabwere chifukwa cha zidutswa za DNA ya m'maitokondiriya zomwe zinalowerera pa makolomozomu. Nkhani zimenezi sizisintha yankho la pamayeso kapena uphungu wopereka ku banja. Bambo sapatsira.

Pakhomo ndi pachipatala

Mlangizi wa zaumoyo kapena wongodzipereka akamva kuti pabanja pali wina amene anagontha pambuyo pa majakisoni, afunse motsata bele. Ofunika kuwatchula ndi mayi, agogo obereka mayi, atsibweni, mayi aakulu ndi aang'ono, ndi ana a amayi amenewa. Ana a atsibweni, azakhali ndi onse a kuchimuna sawerengedwa. Funso lakuti "kodi kwanu kuli ogontha?" silikwanira, chifukwa m'tauni mawu akuti kwanu ena amawamva kuti ndi kwa bambo. Afunsenso ngati kugonthako kunayamba pambuyo pa majakisoni, patapita nthawi yaitali bwanji, komanso ngati ndi makutu onse awiri. Kugontha kwa ambiri kumachokera ku zinthu zina, monga matenda oumitsa khosi, mafinya a m'khutu, malungo aakulu ndi ukalamba, ndipo majakisoni omwewa amagonthetsanso anthu opanda kusintha kulikonse.

Ngati pali abale a kuchikazi omwe anagontha atabayidwa, makamaka akakhala awiri kapena kuposa, mfundoyo ilembedwe m'kabuku ka kuchipatala ka mayi ndi ka mwana, ndipo dokotala auzidwe asanalembe mankhwala. Kusankha mankhwala ena ndi udindo wa dokotala. Wongodzipereka asauze banja kuti likane jakisoni, ndipo khanda lodwala kwambiri lisachedwetsedwe pofufuza mbiri, chifukwa matenda a m'magazi amapha m'maola ochepa.

Pofotokozera banja pafunika kusamala ndi mawu. Kunena kuti matenda achokera kwa mayi kungasanduke mlandu, makamaka kumene mkazi ali kuchitengwa pakati pa abale a mwamuna. Zoona zake n'zakuti mayiyo analandira kwa mayi ake monga mmene alongo ake analandirira, palibe chimene anachita kapena kudya chomwe chinayambitsa, ndipo cholowa chomwecho chimene chanyamula vutoli ndi chimene chimapatsa mphamvu maselo a mwanayo. Pa kugontha kwa pa 1555, kudziwa mzere wa bele kumapereka mwayi woteteza makutu a ana omwe sanabayidwe, ndipo m'banja longoyerekezera lija anawo alipo 6.